Kakiyi pa foni ya alamu

Kwathu kuno ku Nsaru anthu amati ndimawonjezera nkhani. Amandinamizira. Ndikanena kuti pakhomo panga netiweki imagwira pa chulu chimodzi chokha, ndipo kuti pa chulupo munthu amayenera kuima ndi mwendo umodzi atayang'ana ku Kasiya, bwerani mudzaone nokha, mbali imodzi ya chulucho inaphwa ndi chidendene changa. Ndiye izi ndikulembazi muzitenge mmene zilili. Ine mwini wake ndikanakonda zikanakhala zabodza.

Mng'ono wanga amagwira ntchito ya ulonda ku tauni, ku Lilongwe, ndipo kumudzi amabwera mwa apo ndi apo. Mkazi wake, alamu anga, kwawo ndi ku Kabudula, koma tinakawapempha chitengwa, nkumakhala kwathu kuno, nyumba yawo kuseri kwa chigafa changa cha fodya. Nkhoswe wa ukwati wawo ndinali ine. Ndinaima kumbuyo kwawo ku tchalitchi nditavala jekete lobwereka lomwe manja ake ankafika m'maondo, ndipo ndinalonjeza pamaso pa abambo mfumu kuti banjali likadzagwedezeka ine ndidzaligwira.

Chifukwa cha kutalikirana, mng'ono wangayo anawagulira alamu foni yosisita ija. Mwezi ukayamba ankawagulira bandulo ya Watsapu ya mwezi wathunthu, kabandulo kakang'ono ka intaneti wamba, ndi mayunitsi pang'ono oti aziimbira pakagwa zadzidzidzi. Masana aliwonse ankatumizirana mauthenga amawu. Alamu ankamuuza kuti nkhuku yaikira pati, iye nkumawauza zomwe bwana wake wadya. Ukwati wawo unkayenda pa bandulo imeneyo monga ngolo imayendera pa matayala.

Ine nthawi imeneyo foni yanga inali ya mabatani, yomanga ndi mphira, yoti ikagwa pansi imagawika patatu nkupitiriza kulira. Koma makutu ndinali nawo. Tsiku la msika ndinamva anthu pa malo otchajira mafoni akunena za chinthu chotchedwa VPN. Akuti ukachiika mu foni, bandulo ya Watsapu imatsegula intaneti yonse, uziona mpira, mafilimu, chilichonse, kampani ya foni osadziwa kanthu. Sindinafunse zambiri. Munthu wodziwa zinthu safunsa pagulu.

Mawa lake alamu ankathothola mtedza pabwalo. Mwezi unali utangoyamba kumene.

"Alamu, tabwerekeni foni ndione mtengo wa soya."

"Tengani alamu, ili pazenerapo. Mukapeza mtengo wabwino mundigulireko nsalu."

Ndinapita nayo pa chulu paja. Soya sindinamuyang'ane nkomwe. Ndinasaka VPN yaulere, ndinaiika, ndipo chilichonse chimene foni inandifunsa m'Chingerezi ndinavomera. Itandiuza kuti kuti isamazime ndilowe mkati mwa foni ndikayatse mabatani awiri, ndinalowa nkukayatsa onse awiri. Pamwamba pa galasi panabwera kakiyi kakang'ono. Kenako ndinatsegula mpira. Unaseweredwa! Ndikulumbira, ndinaona zigoli zinayi nditaima ndi mwendo umodzi, ndipo chachitatu ndinakuwa mpaka mbuzi za anzathu zinathawa. Mumtima ndinati basi, kampani ndaigwira pakhosi. Pamene mpira unaima pakati nkuyamba kuzungulira, ndinati ndi netiweki. Ndinabweza foni pazenera paja ndi kakiyi kake.

"Soya ali pa bwanji, alamu?"

"Watsika," ndinatero.

Patangopita masiku awiri alamu anayamba kudandaula kuti Watsapu sikulowa. Mwamuna wawo anaimba foni wamba, anawauza kuti aone zotsala. Mayunitsi mulibe. Kabandulo ka intaneti mulibe. Mwamunayo anatumiza mayunitsi ena. Watsapu inatseguka, zithunzi za pa gulu la amayi a ku mphakati zinalowa, mauthenga ake analowa, ndipo dzuwa lisanapendeke mayunitsi aja anali atapita, foni zii. Anatumizanso kachitatu, zomwezo. Mayunitsi ankasowa msanga kuposa mchere wogwera m'madzi, moti ine ndikukhulupirira kuti ena ankatha akadali m'njira cha pa Mpingu.

Loweruka lotsatira mng'ono wanga anafika osayembekezeka. Sanadye nkomwe. Anatenga foni ya mkazi wake, anadina manambala oonera zotsala, nkubwera nayo kwa ine ku chigafa.

"Achimwene, taonani izi. Bandulo ya Watsapu ili yodzaza, sinakhudzidwe ndi pang'ono pomwe. Mayunitsi katatu konse atha. Mndandanda wa amene waimbira mulibe munthu wachilendo. Inuyo mukuti chiyani?"

"Makampaniwa amaba," ndinatero.

"Amaba mayunitsi nkusiya bandulo? Ine ndine mlonda, achimwene. Pakhomo pakasowa katundu koma loko ali bwinobwino, ndimadziwa kuti watsegula ndi mwini nyumba. Ameneyu pali amene akumuimbira, akatha nkumafufuta."

Tsiku limenelo ndinali ndisanadziwe kanthu, ndipo izi ndikuzinena chifukwa ndi malo okhawo m'nkhani ino pamene ndili woyera. Kakiyi kaja sikankaoneka, m'malo mwake panali timawu ta Chingerezi tomwe palibe anatiwerenga. Ndinamulangiza ngati nkhoswe kuti adekhe. Anabwerera ku tauni Lamlungu atakwiya, atanena kuti mayunitsi satumizanso, ndiponso kuti foniyo isagwiridwe ndi munthu wina aliyense.

Sabata yomweyo ndinagulitsa soya wanga, amene mtengo wake unali utakwera, ndipo ndinagula foni yosisita yakale kwa mayi wina wokonza mafoni pa msika. Mayiyu ndi wachikulire ndithu, amavala magalasi awiri nthawi imodzi, ena pamphuno ena pamutu, ndipo foni amaitsegula ngati akusenda nthochi. Ndinagula bandulo ya Watsapu ndi mayunitsi, ndinathamangira kunyumba, ndinaika VPN yomwe ija. Pofika Lachinayi ndinali nditabwerera pa benchi yake kukachita ndewu.

"Mayi, foni mwandigulitsayi ili ndi njoka za m'mimba. Ikudya mayunitsi."

Anaitenga, anatsitsa magalasi apamutu aja, anayang'ana kamodzi kokha.

"Bambo, ichi wakuikirani ndani?"

"Anthu," ndinatero.

"Anthuwo akukudani. Takhalani pansi."

Anandifotokozera akuwotcherera foni ya munthu wina. Akuti kampani ya foni ili ngati munthu wa pa geti amene amawerenga pa katundu aliyense kuti akupita kuti. Zimene zili mkati saona, koma kumene zikupita amaona. Katundu wopita ku Watsapu amamudula pa bandulo ya Watsapu. Tsono VPN imatenga zonse zotuluka mu foni, za Watsapu, za mpira, za chiyani, nkuzisokera m'thumba limodzi lopita ku nyumba imodzi ya eni VPN, mwina kunja kwa dziko, ndipo ndi kumeneko kumene amakazimasula nkuzitumiza kwa eni ake. Wa pa geti uja amangoona thumba lopita ku nyumba yachilendo. Sangadule pa bandulo ya Watsapu chifukwa sakudziwa kuti muli Watsapu. Amadula pa intaneti wamba.

"Nanga intaneti wamba ikatha?"

"Ngati laini yanu simunaitsekere, amalowa m'mayunitsi, ndipo mtengo wa kumeneko si wa bandulo ayi, ndi wowawa. Ndiye thumba lenilenilo lilinso ndi kulemera kwake, limadyako pang'ono pa chilichonse. Kuwonjezera apo zaulerezi zimakuonetsani malonda, malondawo mukulipira ndinu."

"Koma anthu akuti imatsegula intaneti yonse."

"Alipo anyamata amene amanamiza geti ndi timafayilo tawo, zimayenda masiku angapo kampani nkutseka. Yanuyi si imeneyo. Yanuyi ndi thumba basi. Ndiye taonani apa, mwaiuza kuti izikhala yoyaka nthawi zonse, apa mwaiuza kuti pasadutse kanthu popanda iyo. Mayunitsi akatha, iyo singalumikize, ndipo imatsekera zonse m'khola. Bandulo ya Watsapu izingokhala phee mpaka masiku ake athe."

Anazimitsa mabatani awiri aja, anachotsa VPN, ndipo Watsapu yanga inalira nthawi yomweyo ngakhale munalibe yunitsi ndi imodzi yomwe.

"Bwanji mwatuwa, bambo?"

"Malungo," ndinatero.

Kuchokera pa msika kufika kwathu ndi mtunda wa theka la ola pa njinga. Tsiku limenelo ndinayenda maola atatu. Njinga ndinkaikankha, nthawi zina inkandikankha ndi iyo.

Apa mpamene ndikanayenera kulowa pakhomo pa alamu, kuvula chipewa, ndi kunena. Ndinaganiza zina. Ndinati ndibwereke foni, ndichotse chinthucho mwakachetechete, Watsapu iyambe kulowa, aliyense aziti ndi Mulungu. Ndinawapeza akuanika mtedza. Maso anali ofiira.

"Alamu, tabwerekeninso foni ija."

"Aletsa, alamu. Simunamve? Akuti ndili ndi amuna anga ambiri, ndisawonjezere."

Anayesa kuseka. Ine ndinasekanso, ndipo kuseka kumeneko ndimakumvabe mpaka lero. Pakamwa ndinatsegula ndithu, koma m'malo mwa mawu amene anayenera kutuluka munatuluka funso la ngati mtedzawo wauma. Ndinkaopa chinthu chimodzi: kuti mkulu wa pabanja, nkhoswe, bambo wa ana asanu, anaba intaneti ya mlamu wake kuti aonere mpira, nkunama za soya. Ndinadziuza kuti ndinena mawa. Mawa ndinadwala dzino. Dzinolo ndilibe, linazulidwa kalekale, koma linawawa ndithu.

Loweruka mng'ono wanga anaimba foni. Sindinamve zonse, ndinangomva alamu akuti, "Chabwino bambo, ngati mwatero." Masana ake anamanga katundu wawo. Ine ndi amene ndinawanyamulira chikwama kukafika pa msewu, ine ndi amene ndinawaimitsira njinga yamoto ya kabaza, ndipo ndinamuuza wa kabazayo kuti ayendetse bwino. Pokwera anati, "Alamu, inu mumandidziwa. Mukawauze." Ndinagwedeza mutu ngati munthu wanzeru.

Patapita sabata, a ku Kabudula anatumiza mawu kuti ankhoswe tikumane. Mng'ono wanga anapempha tchuthi cha tsiku limodzi, tinakwera limodzi. M'njira monse ankandiuza kuti mkaziyo anamubuloka, chifukwa uthenga uliwonse umene wakhala akutumiza ukungoonetsa katiki kamodzi, kusonyeza kuti sunafike. Ine ndinkayang'ana minda ya anthu.

Anatiyalira mphasa kuseri kwa nyumba ya amayi awo a alamu. Nkhoswe wa kuchikazi anali amalume awo a alamu, bambo wamtali wowonda, katekisiti wopuma, wolankhula pang'onopang'ono moti pakati pa mawu awiri munthu ukhoza kupita kukamwa madzi nkubwerera. Alamu anakhala pambali, miyendo atawongola, foni ili pa nsalu pamaso pawo. Titapatsana moni ndi kufunsana za kumene tachokera, amalume aja anapempha mwini dandaulo alankhule.

Mng'ono wanga anayala zonse: mayunitsi katatu, bandulo yosakhudzidwa, katiki kamodzi. Anayala bwino kwambiri, ine ndikanakhala mlendo ndikanamukhulupirira. Alamu atafunsidwa anangoti, "Ine sindinaimbire munthu. Kumene amapita sindikudziwa."

"Mwana wathu akuti sakudziwa," anatero amalume. "Mwana wanu akuti akudziwa. Ife akuluakulu mafoniwa sitiwadziwa. Koma ngati mkamwini wathu mtima wachoka, anene, tisazunze mwana. Ankhoswe anzanga, mukuti bwanji?"

Onse anandiyang'ana. Ndinayamba ndi kuthokoza. Ndinathokoza amalume, ndinathokoza amayi, ndinathokoza mphasa. Ndinanena kuti banja ndi kupirira. Ndinali nditayamba kulowa m'nkhani ya mmene makampani amabera anthu akumudzi pamene mng'ono wanga anandidula.

"Achimwene, musazungulire. Ine ndalingalira. Ngati sanena dzina la munthuyo lero, basi aliyense aone zake."

Alamu sanalire. Anangotembenuka nkundiyang'ana ine, osati mwamuna wawo. Sindikudziwa ngati ankadziwa kanthu. Sindinawafunsepo.

"Dzina la munthuyo ndikulidziwa," ndinatero. "Ndine."

Apa ndiyenera kunena kuti ndinayamba moipa. Mng'ono wanga anadzuka, amalume anagwira ndodo yawo, amayi awo a alamu anafuula dzina la Mariya. Ndinachita kukweza manja onse awiri nkumakuwa kuti mayunitsi, mayunitsi, ndikunena za mayunitsi. Atakhala pansi ndinaulula zonse, kuyambira soya mpaka zigoli zinayi, mpaka mayi wa magalasi awiri ndi thumba lake losoka. Ndinaululanso kuti ndakhala ndikudziwa kwa masiku khumi, ndiponso kuti chikwama chija ndinachinyamula ndikudziwa.

"Mukumuikira kumbuyo," anatero mng'ono wanga. "Inu achimwene nkhani zanu timazidziwa. Si inu munati munaona ng'ombe ikukwera minibasi?"

"Inakwera."

"Mwaona?"

Ndi tsiku lokhalo pamoyo wanga limene mbiri yanga inandiwawa. Ndinapempha foni. Alamu anaikankha ndi chala. Ndinauza mng'ono wanga adine yekha manambala oonera zotsala, nkuwerenga mokweza: mayunitsi palibe, intaneti wamba palibe, bandulo ya Watsapu yodzaza, kwatsala masiku ochepa kuti ithe. Ndinamuonetsa kuti deta ndi yoyaka koma Watsapu ili zii. Kenako ndinalowa muja ndinalowa tsiku lija, ndinazimitsa mabatani awiri aja, ndinachotsa VPN, ndinaika foni pakati pa mphasa.

Inakhala chete kanthawi kokwanira kuti ndiganize zothawira m'dimba. Kenako inanjenjemera. Inalira, inaliranso, inalira mosalekeza, ikuyenda yokha pa mphasapo ngati nkhululu. Mauthenga a masabata awiri ankalowa nthawi imodzi. Mng'ono wanga anatulutsa foni yake, ndipo ndinaona nkhope yake ikugwa pamene matiki ake ankasanduka awiriawiri kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Ndikanasiyira pamenepo. Koma ine ndikapambana sindidziwa poimira. Pofuna kuti amalume amve ndi makutu awo kuti zikugwiradi, ndinatola foni nkudina uthenga wamawu woyamba umene ndinauona, nkukweza mawu mpaka kumapeto.

Anali mawu a mng'ono wanga. Anawajambula ali yekha pa geti la bwana wake, akuganiza kuti anabulokedwa. Zimene ananena sindizilemba. Anatchula mkazi wake dzina limene munthu sutchula ngakhale galu wa mdani wako. Ndinayesa kuzimitsa, koma mauthenga amawu akakhala otsatizana, umodzi ukatha wina umayamba wokha. Wachiwiri unali wonena za amayi awo a alamu, amene anali atakhala pomwepo, ndi za mudzi wonse wa kwawo. Foniyo anachita kundilanda ndi alamu.

 Mng'ono wanga anali atagwada, sindinaone nthawi imene anagwadira.

"Ndinali nditapsa mtima, mayi. Sindimadziwa."

"Alipo angati?" anafunsa alamu.

"Fufutani, chonde."

"Ndafunsa kuti alipo angati." Anawerenga okha ndi chala. "Khumi ndi asanu ndi awiri. Bandulo yake ilipo, munagula ndinu. Ndiwamvera onse."

Amalume anatsokomola, nkulankhula mwa kuchedwa kwawo kuja. Anati mlandu wa mayunitsi watha, mwana wawo alibe chifukwa, ndipo izi zikanenedwe ku Nsaru ndi pakamwa pomwe panafalitsa zinazo. Anati koma pabwera mlandu wina umene iwo sanauitane. Kenako anandiyang'ana.

"Inu ankhoswe, tinakupatsani mwana kuti akakhale pafupi ndi inu. Akudwala muzimuona, akulira muzimumva. Munamuona?"

"Ndinamuona."

"Munamumva?"

"Ndinamumva."

 Ndikanakonda akanandimenya ndi ndodo ija.

Alamu sanabwerere nafe tsiku limenelo. Patatha masabata atatu anatumiza yankho kudzera kwa amalume awo. Ukwati sakuuthetsa. Koma chitengwa chatha. Ngati mwamuna akuwafuna, abwere adzamange kwawo ku Kabudula, monga amachitira akamwini ena onse, pamene munthu akanamiziridwa pamakhala abale ake oyankha. Mng'ono wanga anavomera asanamalize kumva. Abale athu ena anadandaula kuti mudzi wataya nyumba, ndipo onse ankadziwa woti amuyang'ane.

Chilimwe chimenecho ndinakhala ku Kabudula masabata awiri ndikuumba njerwa za nyumbayo. Palibe anandituma. Mng'ono wanga ankabwera Loweruka lokha, masiku enawo ndinkaponda dothi ndekha, ndipo ndinaponda mpaka mapazi anga anachepa, nsapato zanga zakale ndimavala nditaikamo nsanza, aliyense wokayika abwere adzayeze. Alamu ankabweretsa madzi akumwa nthawi ya masana, ankagwada, ankati mwaswera bwanji alamu, ndikayankha nkunyamuka. Tsiku lomaliza, nditayala mzere wotsiriza, ndinawauza kuti pepani, bwinobwino, popanda kuseka. Anayang'ana njerwazo kwa nthawi yaitali.

"Ndamva, alamu," anatero. "Izi zakumapetozi zapindika. Muziphwanye muumbenso."

Ndinaziyang'ana. Zinali zowongoka. Ndinavula nsapato nkubwerera m'dothi.